Phunziro kwa A M'mabanki a M'mudzi: Malonda a Matchati ndi Malire a Kuluza

M'magulu ambiri osunga ndi kubwereketsa ndalama mwabuka nkhani yatsopano. Pa tsiku la msonkhano, masheya ataponyedwa ndipo bokosi lisanatsekedwe, amaimirira mmodzi wa mamembala, foni ili m'manja, nasonyeza anzake chithunzi cha timizere tokwera ndi totsika. Amati: "Ndalama zathuzi zikungogona m'bokosi. Ine ndaphunzira kuwerenga matchati. Ndipatseni pang'ono ndikachite nazo malonda a foreksi, mudzaona phindu mwezi usanathe." Ena amakopeka, ena amakayika, koma ambiri amangokhala chete chifukwa sadziwa funso loti afunse. Phunziro lino talemba kuti wapampando, mlembi, msungichuma ndi membala aliyense adziwe zimene zikupemphedwazo, ndi kuti athe kuwerengera okha asanayankhe.

Tchati n'chiyani?

Malonda a foreksi ndiwo kugula ndi kugulitsa ndalama za maiko. Pa foni pamalembedwa, mwachitsanzo, EUR/USD 1.1000, kutanthauza kuti yuro imodzi, ndalama ya ku Ulaya, ikugulidwa ndi dola imodzi ndi masenti 10 a ku Amereka. Mtengo umenewu umasintha usana ndi usiku m'masiku a ntchito. Munthu akaganiza kuti yuro ikwera amagula, akaganiza kuti itsika amagulitsa. Sagwira yuro kapena dola m'manja mwake ayi. Amangopangana ndi kampani ya mkhalapakati kuti mtengo ukapita kumene iye wanena, kampaniyo imulipira kusiyana kwake, ndipo ukapita kwina, iye ndiye alipira.

Tchati ndicho chithunzi cha mitengo imene yapita kale. Nthawi zambiri chimajambulidwa ndi timakandulo tobiriwira ndi tofiira: kakandulo kalikonse kamasonyeza pamene mtengo unayambira, pamene unathera, ndi pamene unafika pokwera ndi potsika m'kati mwa ola limodzi kapena tsiku limodzi. Wowerenga matchati amafunafuna maonekedwe obwerezabwereza. Akaona kuti mtengo watsika katatu kufika pa 1.1000 ndi kubwereranso m'mwamba, amajambula mzere pamenepo nati: "Apa ndiye pansi pake, ukadzafikanso pano ndigula."

Tsono bvuto loyamba lili pomwepa. Tchati chimanena zoona za dzulo, koma za mawa sichizidziwa. Mtengo wa ndalama umagwedezeka ndi zinthu zimene sizili pa chithunzi: banki yaikulu ya dziko ikasintha chiwongoladzanja, boma likalengeza chiwerengero cha anthu osowa ntchito, nkhondo ikabuka, kapena kampani yaikulu ikafuna madola ambiri tsiku limenelo. Mzere umene wagwira katatu ulibe mphamvu yoletsa zimenezi kachinayi.

Gulu likhoza kudziyesera lokha pa msonkhano. Tengani kobiri, muliponye m'mwamba ka 100. Likagwa mbali imodzi, mlembi akweze mzere pa pepala ndi sitepe imodzi. Likagwa mbali inayo, autsitse. Pomaliza mudzaona mapiri, zigwa, ndi malo amene mzere ukuoneka ngati unakana kutsika. Wina adzanena ndithu kuti akuona kumene mzerewo ukulowera, chonsecho kobiri lilibe chikumbumtima ndipo silidziwa mmene linagwera kale. Maso a munthu amapeza maonekedwe ngakhale pamene palibe lamulo lililonse. Sitikunena kuti msika ndi kobiri m'zonse, koma wowerenga tchati alibe njira yapafupi yosiyanitsira maonekedwe enieni ndi amwayi, ndipo zitsanzo zimene aphunzitsi a malondawa amasonyeza zimasankhidwa pambuyo pake, zotsatira zitadziwika kale.

Msonkho wa pa khomo

Bvuto lachiwiri ndi lakuti malonda aliwonse amayamba ndi kuluza. Kampani imaonetsa mitengo iwiri: wogulira, umene uli wokwera, ndi wogulitsira, umene uli wotsika pang'ono. Kusiyana kwakeko ndiko malipiro a kampani. Kusintha kwa mtengo kumawerengedwa m'timadontho: kuchoka pa 1.1000 kufika pa 1.1001 ndi kadontho kamodzi, kamene pa foni amalemba pip.

Tiyese kuti kusiyanako ndi timadontho 2, ndipo wamalonda wathu amadikira kuti mtengo uyende timadontho 20, kukwera kapena kutsika. Akalondola, amapeza 18 m'malo mwa 20. Akaphonya, amataya 22. Chotero akachita malonda ka 100, nalondola ka 50 ndi kuphonya ka 50, wapeza timadontho 900 koma wataya 1,100. Kuti angobwerera pamene anayambira, wopanda phindu lililonse, ayenera kulondola ka 55 pa 100. Amene amachita malonda kambirimbiri pa tsiku amalipira msonkho umenewu kambirimbiri, ndipo kampani imalandira zake, iye apindule kaya aluze.

Ngongole yobisika

Bvuto lachitatu ndilo lalikulu koposa. Mitengo ya ndalama zikuluzikulu siyenda kwambiri pa tsiku. Kawirikawiri kusintha kwake sikufika ngakhale 1 pa 100. Kuti kayendedwe kakang'onoko kabale ndalama zooneka, kampani imalola munthu kugwira malonda aakulu kuposa ndalama zimene waika. Pa foni pakalembedwa 1:100, ndiye kuti dola imodzi iliyonse ya munthuyo ikuloledwa kunyamula malonda a madola 100. Ndalama zake zimangokhala chikole. Phindu limawerengedwa pa malonda onse aakuluwo, ndipo kuluza kumawerengedwanso chimodzimodzi.

Tiyeni titsate chitsanzo chongoyerekeza mpaka mapeto ake. Membala waika madola 500. Waona mzere wake pa 1.1000, nagula mayuro 40,000, amene mtengo wake ndi madola 44,000. Kampani yagwira madola 440 monga chikole. Pa malonda a kukula kotere, kadontho kalikonse ndi madola 4. Mtengo ukakwera timadontho 70, wapeza madola 280 tsiku limodzi, ndipo chithunzi chimenechi ndicho amadzasonyeza pa msonkhano. Koma mtengo ukatsika timadontho 70 tomweto, kufika pa 1.0930, wataya madola 280, ndipo watsala ndi 220. Pamenepa ndalama zake zafika pa theka la chikole chija, ndipo makampani ambiri amatseka okha malondawo osamufunsa. Ngakhale mtengo ubwerere m'mwamba madzulo ake, iye watuluka kale. Taonani: yuro yatsika mosafika 1 pa 100, koma iye wataya kuposa theka la chuma chake.

Ndipo dzenje lotere n'lovuta kutulukamo. Amene wataya 10 pa 100 ayenera kupindula 11 pa 100 kuti abwezeretse. Amene wataya 25 ayenera kupindula 33. Amene wataya theka ayenera kuchulukitsa kawiri zimene zatsala. Pofuna kubweza msanga, munthu amakulitsa malonda otsatira, ndipo mathero ake amafika mofulumira koposa.

Izi si nkhambakamwa. M'chaka cha 2018 bungwe loyang'anira misika ya chuma ku Ulaya, lotchedwa ESMA, linalengeza kuti mwa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda a mtundu uwu, pakati pa 74 ndi 89 amaluza ndalama. Chifukwa cha ichi linalamula kuti ngongole ija isapitirire 1:30 pa ndalama zikuluzikulu za maiko, ndi kuti makampani azilemba poyera kuchuluka kwa makasitomala awo amene amaluza. Ku Brazil, akatswiri atatu a zachuma, Chague, De-Losso ndi Giovannetti, anafufuza anthu amene anayamba malonda ogula ndi kugulitsa tsiku lomwelo pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene analimbikira masiku oposa 300, anapeza kuti 97 pa 100 analuza. Amenewatu sanali ongolawa, koma akhama amene anakhalitsa pa ntchitoyo.

Kuika malire: masitepe anayi

Amene watsimikiza mtima kuchita malondawa ndi ndalama zakezake angathe kuchepetsa ngozi, ngakhale sangaichotse. Chinsinsi chake n'chakuti ayambe kuwerengera zimene angataye asanawerengere zimene angapeze.

Choyamba, asankhe ndalama imene alola kutaya pa malonda amodzi. Muyeso umene ambiri odziwa ntchitoyi amatsata ndi 1 pa 100 wa ndalama zonse za mu akaunti, ndipo osapitirira 2. Pa madola 500, ndiwo madola 5.

Chachiwiri, asankhe mtengo umene udzamuuza kuti walakwa, asanagule. Ngati wagula pa 1.1000 pokhulupirira kuti mtengo sutsika kupyola pamenepo, ndiye kuti ukafika pa 1.0950 ganizo lake lagwa. Mtengo umenewu aulembe m'bokosi lolembedwa Stop Loss pa nthawi yomweyo imene akugula, kuti malonda adzatsekeke okha. Malire amenewa ali pa mtunda wa timadontho 50. Malire oyandikira kwambiri, monga timadontho 5, amagundidwa ndi kugwedezeka wamba kwa msika, munthu n'kumangotaya pang'onopang'ono popanda chifukwa.

Chachitatu, awerengere kukula kwa malonda kuchokera pa ziwiri zimenezi. Agawe madola 5 ndi timadontho 50: yankho ndi masenti 10 pa kadontho. Malonda amene kadontho kake ndi masenti 10 ndi a mayuro 1,000, amene pa foni amalembedwa 0.01. Yerekezani ndi mayuro 40,000 a munthu uja: malonda oyenera thumba lake anali ochepa ka 40 kuposa amene anagwira. Ngati yankho lituluka laling'ono kuposa malonda ochepetsetsa amene kampani imalola, tanthauzo lake ndi lakuti malondawo samuyenera, awasiye.

Chachinayi, aike malire a mwezi. Alembe m'kope kuti akataya 5 pa 100 m'mwezi umodzi, kapena akaphonya katatu motsatizana, aleka kufikira mwezi wina, ndipo saonjezamo ndalama zatsopano pofuna kubweza zotayika. Alembenso malonda aliwonse, opindula ndi oluza omwe, monga mlembi alembera masheya.

Ubwino wa muyesowu umaoneka pa nthawi ya tsoka. Kuphonya ka 10 motsatizana kumachitika ndithu kwa amene achita malonda nthawi yaitali. Wotaya 1 pa 100 nthawi iliyonse amatsala ndi madola pafupifupi 452 mwa 500 aja. Wotaya 10 pa 100 nthawi iliyonse amatsala ndi madola pafupifupi 174.

Cholakwa chofala ndicho kusuntha malire. Mtengo ukayandikira 1.0950, mtima umati: "Ubwerera posachedwa," munthu n'kutsitsa malire kufika pa 1.0900, kenaka n'kuwachotseratu. Malire amaloledwa kusunthidwa mbali imodzi yokha, yochepetsa kuluza. Osunthira kwinako sakhalanso malire.

Tsiku limene malire sanagwire

Tiyenera kunenanso zoona zake: Stop Loss si lonjezo lakuti malonda adzatsekedwa pa mtengo umene mwalemba. Ndi lamulo lakuti mtengowo ukafika, agulitse pa mtengo woyamba umene upezeke. Pakasowa wogula, mtengo umadumpha.

Zimenezi zinaoneka poyera ku Switzerland. Mu September 2011 banki yaikulu ya dzikolo inalengeza kuti sidzalola yuro kutsika pansi pa mafuranki 1.20, furanki pokhala ndalama ya dzikolo. Kwa zaka zoposa zitatu mzere umenewu unagwira, ndipo pa matchati onse panalibe mzere wina wooneka wolimba ngati umenewo. Anthu ambiri anagula yuro pafupi ndi 1.20 ndi ngongole zazikulu, naika malire awo pansi pake pang'ono, akudziyesa otetezeka. Pa 15 January 2015 bankiyo inalengeza mwadzidzidzi kuti yaleka kuteteza mzerewo. M'mphindi zowerengeka yuro inagwa kufika pansi pa furanki imodzi. Malire olembedwa pa 1.19 anatsekedwa kutali kwambiri ndi pamenepo, ndipo anthu ambiri sanangotaya zonse zimene anaika, koma anatsalanso ndi ngongole. Kampani ya FXCM inalengeza kuti makasitomala ake anatsala ndi ngongole ya madola pafupifupi 225 miliyoni, ndipo kampani ya Alpari ya ku Britain inagwa m'masiku otsatira.

Palibe kakandulo kamene kanachenjeza za tsikulo. Phunziro lake ndi lakuti malire otsiriza ndi enieni si a pa foni ayi, koma kuchuluka kwa ndalama zimene munthu watumiza ku kampani. Asatumize ndalama imene kutayika kwake kungagoneke ana ndi njala. Afunsenso, ndipo yankho likhale lolembedwa, ngati kampaniyo ingamulipiritse zoposa zimene anaika. Malamulo a ku Ulaya a 2018 aja analetsa zimenezi, koma makampani olembetsedwa kwina samangidwa nawo.

Nanga ndalama za gulu?

Tsopano tibwerere ku bokosi lathu. Tiyese kuti gulu labwereketsa membala uja ndalama zokwana madola 500, pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 pa mwezi. Ayenera kupeza madola 50 mwezi uliwonse kuti alipire chiwongoladzanja chokha. Akatsata muyeso wa 1 pa 100, napeza madola 5 pa malonda opambana ndi kutaya madola 5 pa oluza, kupambana kwake kuyenera kuposa kuluza kwake ka 10 mwezi uliwonse, osaphonya mwezi ndi umodzi womwe, ndiponso asanawerengere msonkho wa kampani. Zimenezi n'zosayembekezeka. Njira yokha yofikira madola 50 msanga ndiyo kukulitsa malonda, ndiko kuti kuswa malire aja. Chotero ngongole ya gulu ndi malire a kuluza sizingayendere pamodzi: tsiku lobweza likamayandikira, limamukankha munthu kuti achite chinthu chimene chimaononga.

Kumbukiraninso kusiyana kwa ngongole iyi ndi zina. Mayi wobwereka kuti aode tomato kapena makala, malonda akavuta, amatsala ndi katundu wina woti agulitse motchipa, ndipo anzake amaona ndi maso mmene zikuyendera. Ndalama zotayika pa foni sizisiya kanthu, ndipo palibe mwa osunga makiyi atatu aja amene angazione. Madzi akatayika saoleka. Pa tsiku logawana, kuperewerako kudzagwera onse, ndi agogo omwe amene anaponya sheya imodzi pa mlungu.

Nchifukwa chake tilangiza magulu kuti alembe m'malamulo awo mfundo zitatu izi. Ndalama za masheya ndi za thumba la ngozi zisatumizidwe ku malonda a matchati, kaya m'dzina la gulu kaya la munthu mmodzi. Wobwereka aliyense anene ntchito ya ngongole yake pamaso pa onse, ndipo ngongole yochitira malondawa isavomerezedwe. Amene afuna kuyesa ayese ndi gawo laling'ono la ndalama zake za pambuyo pa kugawana, atayamba waphunzira miyezi ingapo pa akaunti yoyeserera, yopanda ndalama zenizeni. Adziwe komabe kuti kupambana pa akaunti yotero sikutsimikiza kanthu, pakuti mantha ndi dyera zimadza pamene ndalama zili zenizeni.

Pali ngozi inanso imene malire alionse sangaithetse, ndiyo ya anthu achinyengo. Chenjerani ndi aliyense wolonjeza phindu lokhazikika la pa mlungu kapena pa mwezi, pakuti msika sulonjeza. Chenjerani ndi wonena kuti mutumize ndalama ku nambala yake ya foni kuti akuchitireni malonda, ndi wopereka mphotho kwa amene abweretsa anzawo, ndi wofuna malipiro ena musanatape ndalama zanu. Manambala ooneka pa foni si ndalama kufikira atafika m'manja. Kuno ku Malawi kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo ake, ndipo Reserve Bank of Malawi ndiyo iyang'anira mabungwe a zachuma. Funsani kumeneko kapena ku banki yanu musanatumize kanthu. Safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana pa msonkhano

Membala akadzaimiriranso ndi foni yake, musamunyoze, pakuti mwina akufunira gulu zabwino. Mufunseni mwaulemu mafunso awa, ndipo mlembi alembe mayankho.

1. Kodi mungatisonyeze mndandanda wa malonda anu onse a miyezi 12 yapitayi, oluza ndi opindula omwe, pamodzi ndi ndalama zimene munaika ndi zimene munatapa?

2. Pa malonda amodzi mumalola kutaya zingati mwa 100, ndipo kadontho kamodzi ndi ndalama zingati?

3. Kampaniyo inalembetsedwa m'dziko liti, ikuyang'aniridwa ndi yani, ndipo imati makasitomala ake oluza ndi angati mwa 100?

4. Ndalama zikatayika zonse, adzabweza ndani, ndipo adzazitenga kuti?

Wodziwadi ntchito yake adzayankha atatu oyambawo mosavuta, ndipo iye mwini adzavomereza kuti funso lachinayi ndilo chifukwa chake ndalama za gulu ziyenera kukhala m'bokosi, kapena kubwereketsedwa ku ntchito zimene mamembala angazione ndi maso. Amene akwiya ndi mafunsowa, kapena ayankha ndi chithunzi cha tsiku limodzi labwino, wakupatsani kale yankho. Wakutsina khutu ndi mnansi.